Musamuuze wojambula kuti "mundijambulire ngati za uje"

Tiyerekeze kuti amalume anu atsegula golosale ku Champiti ndipo akutumani, inu ophunzira ku koleji, kuti mupeze mnyamata wopenta zikwangwani adzajambule chithunzi pakhoma lakumaso. M'foni mwanu muli chithunzi cha mmisiri wina wa ku Lilongwe amene ntchito zake mumazikonda. Chofulumira n'kungomuonetsa mnyamatayo foni n'kunena kuti, "Achimwene, ndikufuna ngati za uje." Apa mwalakwira anthu awiri. Mmisiri wa ku Lilongweyo ali moyo ndipo amadyera luso lakelo, koma ntchito yonga yake ikaima pakhoma popanda iye kudziwa kapena kulandirapo kanthu. Mnyamata wopentayo nayenso simunamuuze chenicheni. Sakudziwa ngati mwakonda mitundu, mizere kapena kaimidwe ka anthu, ndiye pofuna kuti asalakwe angokopera chithunzi chonse.

Lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016, lomwe bungwe la COSOMA limayang'anira, limateteza chithunzi chenichenicho chimene munthu anajambula. Silipatsa munthu umwini wa penti yofiira kapena wa mzere wokhuthala. Choncho njira zojambulira aliyense angathe kuziphunzira, koma chithunzi cha mwini n'cha mwini. Vuto n'lakuti ambirife sitidziwa kutchula njirazo, ndiye timabisala kuseri kwa dzina.

Sukulu yabwino yophunzirira kutchulako ili pafupi, m'mapiri a Chongoni ku Dedza. Kumeneko kuli malo 127 okhala ndi zithunzi pamiyala, ndipo bungwe la UNESCO linaika derali pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Palibe chithunzi chimene chili ndi dzina la wojambula, komabe akatswiri amasiyanitsa mitundu ya kajambulidwe mosavuta. Zithunzi zakale kwambiri, zimene amati anajambula ndi Akafula, n'zofiira. Utoto wake ndi wa dothi kapena mwala wofiira wopera, ndipo zambiri si nyama kapena anthu ayi, koma mizere yozungulira ina mkati mwa inzake, mizere yoyenda moyandikana, ndi zooneka ngati makwerero. Zithunzi za Achewa n'zoyera, zopakidwa ndi dothi loyera mokhuthala, kawirikawiri ndi chala. Zina zimaoneka ngati chikopa cha nyama choyanika, miyendo ili tambasu, ngati munthu akuiyang'ana kuchokera pamwamba.

Onani zimene zachitika m'ndime imeneyi. Popanda dzina lililonse mwamva chopakira, chopakidwa, mtundu, kukhuthala kwa mzere, ndi mbali imene diso likuonera chinthucho. Mwana wa sukulu atapatsidwa mawu amenewa ndi dothi loyera angathe kujambula chinthu chatsopano cha banja lomwelo, osakopera mwala uliwonse.

Chopakira ndi chimene anthu amaiwala, chonsecho ndicho chimalamulira zambiri. Edward Saidi Tingatinga anayamba kujambula ku Dar es Salaam cha m'ma 1968 ndipo anamwalira mu 1972. Ankagwiritsa ntchito penti ya mafuta yopentera njinga pa timatabwa ta siling'i, chifukwa ndi zimene akanatha kuzipeza. Penti yotere imawala ndipo imachedwa kuuma. Ukapaka mtundu wina pa unzake usanaume, zimasakanikirana n'kuda. Ndiye wojambula amayamba wapaka kumbuyo konse, n'kudikira, kenako thupi la nyama, n'kudikiranso, ndipo mizere ndi timadontho zimabwera pomaliza. N'chifukwa chake zithunzizo zimakhala ndi mitundu yosalala ndi malire akuthwa. Lero dzina lake lasanduka dzina la kajambulidwe konse, koma ngakhale pamenepo dzinalo limasocheretsa: zithunzi zake zoyamba nthawi zambiri zinali ndi nyama imodzi pamalo opanda zambiri, pomwe za omutsatira ambiri zadzaza mbalame ndi masamba mpaka m'makona. Wina akati "ngati Tingatinga", akunena ziti?

Tibwerere ku golosale ya amalume. Ikani foni m'thumba, koma musanaiike yang'anani chithunzicho n'kudzifunsa chimene chakukokani. Tinene kuti mwapeza zinthu zitatu: anthu ndi aatali modabwitsa, mitundu ndi yochepa, ndipo palibe mthunzi. Tsopano mungathe kulankhula ndi wopenta chonchi:

"Achimwene, khoma ndi la mamita 2 m'litali ndi mita imodzi ndi theka kupita m'mwamba. Mugwiritse penti ya mafuta chifukwa mvula imawomba mbali imeneyi. Mitundu ikhale inayi basi: yachikasu kumbuyo, yofiirira ngati njerwa, yobiriwira, ndi yakuda ya mizere. Mtundu uliwonse ukhale wosalala, osauchepetsa mphamvu kuti uoneke ngati mthunzi. Chinthu chilichonse muchizungulize ndi mzere wakuda wonenepa ngati chala chaching'ono. Anthu akhale aatali, mitu yaing'ono, nkhope zopanda maso ndi mphuno. Mujambule amayi atatu akuchokera kudimba atasenza madengu a kabichi ndi mbatata ya kachewere, ndi mnyamata akukankha njinga."

Mawu akuti "aatali" akhoza kumveka mosiyana, ndiye apatseni muyeso. Ojambula amayeza thupi ndi mutu: munthu wamkulu amakhala pafupifupi mitu isanu ndi iwiri ndi theka kuchoka pa liwombo kufika kuphazi. Mukanena kuti "mitu isanu ndi inayi", wopenta adziwa kuti akufunika kuchepetsa mutu ndi kutalikitsa miyendo, ndipo angathe kulemba malirewo ndi choko pakhoma asanatsegule chitini. Muuzeninso za mtunda. Kodi munthu wakutali achepe, monga zimakhalira pa chithunzi cha kamera, kapena akhale wofanana ndi anzake koma aikidwe m'mwamba pang'ono? Popeza mwakana mthunzi, njira yachiwiriyi ndiyo ingagwirizane ndi zinazo.

Chiganizo chomaliza cha malangizo aja, cha amayi ndi kabichi, ndicho chimene chikukutetezani. Njira mwaziona kwina, koma nkhani ya chithunzi ndi ya ku Ntcheu, yochokera pa zimene amalume amaona pakhomo. Pano ndi pamene anthu ochenjera amaterereka. Munthu angathe kusiya dzina koma n'kufotokoza chithunzi cha mwini chidutswa ndi chidutswa: mayi kumanzere atatembenukira kumanja, mtengo pakati, mbalame ziwiri pamwamba pake. Kumeneko ndi kukopera ndithu, kungoti mwachita ndi pakamwa. Ngati malangizo anu akunena malo a chinthu chilichonse monga chakhalira pa chithunzi cha m'foni, fufutani mbali imeneyo.

Palinso kulakwa kwa mbali inayo, komwe ine ndimakuona kawirikawiri: malangizo odzaza ndi "chokongola", "chamakono", "chachikhalidwe". Mawu amenewa wopenta sangawayeze ndi choko kapena kuwagula mu hadiweya. Liwu lililonse muliyese motere: kodi likumuuza chochita ndi dzanja? "Chowala" silimuuza. "Penti ya mafuta, yachikasu, yosasakaniza ndi yoyera" likumuuza.

Penti isanagulidwe, pemphani kaye chithunzi cha pensulo papepala n'kuchiika pambali pa cha m'foni chija. Ngati mizere ndi kutalika kwa anthu zikufanana koma anthuwo, zonyamula zawo ndi kaimidwe kawo n'zosiyana, pitirizani. Ngati mungathe kuloza munthu papepala n'kumupezanso m'foni ataima chimodzimodzi, mubwezereni wopenta pepalalo akasinthe. Akamaliza pakhoma, m'kona yam'munsi alembe dzina lake iyeyo.