Denga la golide silinali mzere umodzi

Mu Ogasiti 2020, matenda a Kovidi atatsekera anthu m'nyumba ndipo eni chuma akusaka pobisa ndalama zawo, mtengo wa golide unakwera mpaka pafupifupi madola 2,075 pa aunsi imodzi. Unali usanafikepo pamenepo chiyambire. Amalonda ambiri omwe amayang'ana matchati a mitengo anajambula mzere wopingasa pa nambalayi, n'kumati denga la golide ndi limeneli. Mtengo unabwereradi pansi, ndipo pofika Malichi 2021 unali cha m'ma 1,680.

Mzere uja unadikira miyezi yambiri. Mu Malichi 2022, dziko la Rasha litalowa ndi nkhondo m'dziko la Yukireni, golide anathamangiranso m'mwamba, koma anakathera cha pa 2,070 n'kutembenuka. Munthu yemwe anaika oda yake yogulitsira pa 2,075 penipeni sanagulitse kanthu. Anaperewera madola asanu okha, kenako anangoonerera mtengo ukutsetsereka mpaka cha m'ma 1,620 chaka chomwecho chisanathe. Maganizo ake anali olondola, chomwe chinamulakwitsa ndi kuonda kwa mzere wake.

Mawu awiri omwe amamveka kawirikawiri pakati pa achinyamata ochita malondawa pafoni ku Lilongwe, ku Blantyre ndi kwina ndi sapoti ndi rezisitansi. Sapoti ndi pomwe mtengo ukatsika umakumana ndi ogula ambiri n'kuleka kutsika. Rezisitansi ndi pomwe mtengo ukakwera umakumana ndi ogulitsa ambiri n'kuleka kukwera. Ophunzira ambiri amayamba ndi kujambula malowa ngati kamzere kamodzi, chifukwa n'kosavuta ndiponso kamaoneka kaudongo pa tchati. Amene akhalitsa pamalondawa amajambula dera, kabokosi kopingasa kokhala ndi malire a m'mwamba ndi a m'munsi.

Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa kwa aliyense yemwe anagulako chimanga pamsika nthawi yokolola. Ogula sagwirizana mtengo umodzi. Wina amayamba kugula ndowa ikangotsika pang'ono, wina amadikira kuti itsikebe, wina amabwera mawa lake mtengo utayamba kale kukwera. Onsewa pamodzi ndi amene amauletsa mtengo kugwa, koma amatero pa mitengo yosiyanasiyana yoyandikana. Pa golide ndi chimodzimodzi. Mabanki ndi makampani akuluakulu osunga chuma sangagulitse katundu wawo yense pa nambala imodzi, chifukwa sangapeze ogula okwanira pamenepo. Amagawa malonda awo m'zidutswa n'kuzimwaza pa mitengo ingapo.

Pali chinanso chimene ophunzira sachidziwa msanga. Golide wogulitsidwa pompopompo, yemwe pafoni amalembedwa kuti XAUUSD, alibe msika umodzi womwe umalengeza mtengo wa dziko lonse. Buloka aliyense amatenga mitengo kumabanki omwe amachita nawo malonda. Mu Meyi 2023, mabanki ena a ku Amerika atagwa, golide anafikanso padenga lija kachitatu. Matchati ena anaonetsa kuti anakathera pansi pang'ono pa 2,075, ena anaonetsa kuti anadutsa n'kufika cha pa 2,080. Anthu awiri okhala pa benchi imodzi, aliyense ndi buloka wake, akanatha kukangana mpaka dzuwa kulowa ngati mzere wathyoka kapena ayi, ndipo aliyense akanakhala ndi umboni m'manja.

Nanga deralo amalijambula bwanji? Tchati cha makandulo chimapereka zonse zofunika. Kandulo iliyonse ili ndi thupi, lomwe limasonyeza pomwe mtengo unatsegulira ndi pomwe unatsekera, komanso kachingwe kotulukira kumwamba ndi pansi, kosonyeza kutali komwe mtengo unafika usanabwezedwe. Pojambula rezisitansi, malire a m'mwamba amaikidwa pansonga za zingwe, ndipo malire a m'munsi amaikidwa pomwe matupi a makandulo okwera kwambiri anathera. Pa sapoti amangotembenuza: nsonga za zingwe zapansi ndizo malire a m'munsi, matupi ndiwo malire a m'mwamba. Mu TradingView ndi mu MetaTrader chida chake chimatchedwa Rectangle, ndipo bokosilo amalikoka mpaka kudzanja lamanja kwa tchati, komwe mtengo sunafike.

Pa golide uja, zingwe za maulendo atatu aja zinathera pakati pa 2,070 ndi 2,080. Koma pa makandulo a tsiku ndi tsiku, mtengo unatsekera cha m'ma 2,060 mu Ogasiti 2020, ndipo mu Malichi 2022 ndi mu Meyi 2023 unatsekera cha m'ma 2,050. Choncho dera loyenera linali lochokera pa 2,050 kufika pa 2,080. Madola 30 amenewa angaoneke ochuluka, koma ndi pafupifupi 1.5 peresenti chabe ya mtengo wa nthawiyo, ndipo golide ankatha kuyenda mtunda woterowo tsiku limodzi lotanganidwa.

Apa ndi pomwe pagona muyeso wa kukula kwa dera. Likhale logwirizana ndi mayendedwe a katunduyo pa tchati chomwe munthu akugwiritsa ntchito. Ambiri amayeza ndi chida chotchedwa ATR, chomwe J. Welles Wilder anachifotokoza m'buku lake la mu 1978, ndipo kawirikawiri chimawerengera kutalika kwa makandulo 14 apitawo. Dera likaposa kwambiri kutalika kwa kandulo imodzi wamba, ndiye kuti wojambulayo waphatikiza malo awiri osiyana m'bokosi limodzi. Likaonda kwambiri, wangobwerera ku mzere uja. Palibe lamulo lokhazikika pa izi, ndipo amalonda awiri odziwa ntchito angasiyane ndi madola angapo popanda wina kulakwa.

Mayeso enieni a denga la golide anadza pa 4 Disembala 2023. M'maola oyambirira a tsikulo, misika ya ku Ulaya ndi ku Amerika isanatsegule ndipo ochita malonda ali ochepa, mtengo unalumpha n'kupitirira 2,130. Kwa munthu wa mzere, nkhani inali yatha: denga lathyoka. Amene anagulitsa pa 2,075 n'kuika Stop Loss yawo pamwamba pang'ono anatulutsidwa ataluza. Ena anathamangira kugula poganiza kuti ulendo wokwera wayamba. Tsiku lomwelo lisanathe, golide anagwa n'kukatsekera cha m'ma 2,030, pansi pa dera lonse lija. Pa tchati panangotsala chingwe chachitali choloza kumwamba.

Bokosi palokha silikanapulumutsa munthu tsiku limenelo, chifukwa mtengo unalidutsa ndi madola oposa 50. Chomwe chinasiyanitsa anthu ndi funso lomwe dera limakakamiza munthu kufunsa: kodi kandulo yatsekera kunja kwa bokosi, kapena yangosuzumira? Wodikira kuti tsiku lithe anaona kuti ogulitsa akadali ndi mphamvu pamalopo. Kumapeto kwa Disembala mtengo unalowanso m'dera lomwelo, unazungulirazungulira, ndipo pakati pa Febuluwale 2024 unali utatsika pansi pa 2,000.

Kusuzumira kotereku kuli ndi chifukwa chodziwika. Carol Osler, katswiri wa zachuma yemwe ankagwira ntchito ku nthambi ya banki yaikulu ya Amerika mumzinda wa Nyuyoko, anafufuza maoda enieni omwe makasitomala ankasiya ku banki ina yochita malonda a ndalama zakunja. Mu kafukufuku wake wofalitsidwa mu 2003 anapeza kuti maoda otengera phindu amaunjikana pa manambala ozungulira, monga othera ndi 00 kapena 50, pomwe maoda odulira kuluza amaunjikana kuseri pang'ono kwa manambala omwewo. N'chifukwa chake mtengo umakonda kuima pa malo oterewa, koma ukangowadutsa umathamanga, pakuti oda iliyonse yodulira kuluza ikakhudzidwa imakankha mtengo kupita kwa inzake. Woika Stop Loss yake madola awiri kuseri kwa mzere wodziwika ndi aliyense waiika pamulu womwewo.

Komabe dera lili ndi mtengo wake, ndipo ophunzitsa malondawa ambiri amadutsapo mwachangu pamenepa. Bokosi likakula, Stop Loss imapita kutali, ndipo ndalama zomwe zili pangozi zimachuluka. Tiyerekeze munthu ali ndi madola 1,000 mu akaunti, ndipo lamulo lake ndi losaluza zoposa 1 peresenti pa malonda amodzi, omwe ndi madola 10. Wagulitsa golide pa 2,060, m'kati mwa dera, n'kuika Stop Loss pa 2,100, kunja kwa bokosi ndi kampata kopumira. Mtunda wake ndi madola 40. Kwa mabuloka ambiri loti imodzi ya golide ndi maaunsi 100, ndipo kachigawo kochepetsetsa komwe amalola, 0.01, ndi aunsi imodzi. Ngakhale pa kachigawo kameneka, zikavuta aluza madola 40, kanayi kuposa lamulo lake. Masamuwa akumuuza kuti malonda amenewa ndi aakulu kuposa thumba lake. Ambiri akafika apa amachepetsa bokosi kuti ligwirizane ndi akaunti, ngati kuti msika umadziwa ndalama zomwe iwo ali nazo.

Vuto lina ndi kudzaza tchati. Munthu akazolowera kujambula mabokosi amayamba kuwaona paliponse, mpaka mtengo kusowa poyenda posakhudza dera lina. Tchati chotere chimaoneka cholondola nthawi zonse ukamayang'ana kumbuyo, koma sichithandiza kusankha kanthu. Dera la golide linali lamphamvu chifukwa linkaoneka pa tchati cha sabata ndi cha tsiku, mtengo unabwezedwa pamenepo m'zaka zosiyana, ndipo ulendo uliwonse unagwa ndi madola mazana angapo. Kabokosi kojambulidwa pa tchati cha mphindi zisanu, pomwe mtengo unaima kawiri m'mawa womwewo, sikangalemere chimodzimodzi.

Dengalo linathyoka kumayambiriro kwa Malichi 2024. Pa 1 Malichi golide anatsekera pamwamba pang'ono pa 2,080, ndipo pa 4 Malichi anatsekera kupitirira 2,100. Ulendo uno si chingwe chokha chomwe chinatuluka m'bokosi. Matupi a makandulo otsatizana anatsekera kunja, lililonse pamwamba pa linzake. Mabuku a malondawa amaphunzitsa kuti rezisitansi ikathyoka imasanduka sapoti, ndipo anthu ambiri anadikira kuti mtengo ubwerere pakati pa 2,050 ndi 2,080 kuti agule motchipa. Sunabwerere. Pakati pa Epulo golide anali atadutsa kale 2,400, maoda awo ogulira akadali m'bokosi muja osakhudzidwa.