Kodi mumadziwa? Mchere ndi mimba ya madzi

Chiwindi chikauma ndi zipsera, kawirikawiri chifukwa cha mowa kapena kachilombo ka hepataitisi B, magazi ochokera m'matumbo amavutika kudutsamo. Amabwerera m'mbuyo, madzi n'kuyamba kudzaza m'mimba. Apa impso zimasunga mchere, ndipo mchere umakoka madzi. N'chifukwa chake odwala otere, monga amene amafika ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre, amauzidwa kuti mchere wa tsiku lonse usapitirire kasipuni kamodzi ka tiyi, pafupifupi magalamu 5.

Vuto ndi mchere wobisika. Mlamba woikidwa mchere wa mumsika wa Limbe, tchipisi cha pachiwaya ku Ndirande, soseji, buledi, ngakhale soda wa m'therere, zonsezi zimawerengedwa. Koma wodwala asasiye kudya: ndiwo zikometsedwe ndi anyezi, adyo ndi mandimu. Kulemera kwa thupi kukamakwera tsiku ndi tsiku, ndiye kuti madzi akuchuluka.

Choopsa kwambiri sichioneka kunja. Magazi otsekerezedwawo amatupitsa mitsempha ya kummero, ndipo kuchepetsa mchere sikuletsa kuphulika kwake. Wodwala akasanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda ngati phula, n'kofunika kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Asipirini ndi bulufeni azipewedwa.