Boma likatsitsa mtengo wa chimanga, ndani amapindula?

Nthawi ya njala ikafika, anthu ambiri amapempha boma kuti liletse amalonda kugulitsa chimanga modutsa mtengo wakutiwakuti. Pempholi ndi lomveka, koma akatswiri a zachuma ali ndi njira yoyezera amene amapindula ndi amene amaluza lamulo lotere likakhazikitsidwa. Amajambula galafu n'kuyeza kukula kwa malo amene atsekeredwa pakati pa mizere. Njirayi inatchuka ndi buku la Alfred Marshall wa ku Mangalande la mu 1890.

Tengani pepala tijambule msika wongoyerekeza. Mzere woimirira ukhale wa mitengo ya thumba, wopingasa ukhale wa matumba ogulidwa pa tsiku. Mzere wa ogula umatsetsereka kuchokera pa K60,000, mtengo umene munthu wofunitsitsa kwambiri angalipire. Wa ogulitsa umakwera kuchokera pa K20,000. Tinene kuti mizereyi ndi yowongoka ndipo yakumana pa K40,000, pomwe matumba 100 akugulidwa.

Mayi amene anali wokonzeka kulipira K55,000 koma wagula pa K40,000 watsala ndi K15,000 kumpango kwake. Limenelo ndi phindu la wogula. Tikaphatikiza la onse, timapeza malo a makona atatu amene ali pansi pa mzere wa ogula ndi pamwamba pa mtengo. Powayeza, timachulukitsa m'litali ndi msinkhu n'kugawa pakati: matumba 100 kuchulukitsa ndi K20,000, theka lake ndi K1,000,000. Phindu la ogulitsa lili pansi pa mtengo, pamwamba pa mzere wawo, ndipo pano nalonso ndi K1,000,000.

Tsopano boma lalamula kuti thumba lisadutse K30,000. Jambulani mzere wopingasa pa mtengowo. Uwoloka mzere wa ogulitsa pa matumba 50, ndipo wa ogula pa 150. Ophunzira ambiri amaphonya pomwepa, amawerengera ndi 150. Kufuna si kugula ayi. Pamsika pabwera matumba 50 basi, chifukwa alimi ena aona kuti mtengowo sukubweza za feteleza ndi thiransipoti, ndiye asunga chimanga chawo. Kuyeza konse kuthere pa 50.

Makona atatu a ogulitsa afota: matumba 50, msinkhu K10,000, theka lake ndi K250,000. Malo a ogula asintha maonekedwe, choncho timawadula pawiri. Pa thumba la nambala 50, mzere wa ogula uli pa K50,000. Pansi pali bokosi lochokera pa K30,000 kufika pa K50,000, lomwe ndi K1,000,000, ndipo pamwamba pake pali kadenga ka makona atatu ka K250,000. Pamodzi ogula ali ndi K1,250,000.

Phatikizani za mbali zonse, mupeza K1,500,000, chonsecho poyamba zinali K2,000,000. K500,000 yosowayo ili m'makona atatu amene akulozera pomwe mizere inakumana, pakati pa thumba la 50 ndi la 100. Ili ndi phindu lotayika. Silinapite kwa wogula, kwa mlimi kapena ku boma. Ndi malonda amene akanakomera mbali zonse ziwiri koma sanachitike. Musalisokoneze ndi K10,000 pa thumba imene yachoka kwa mlimi kupita kwa wogula. Imeneyo yangosintha mwini.

Kodi ndiye kuti ogula apindula K250,000? Papepala inde, koma chithunzichi chimabisa chinthu chimodzi. Chimatenga ngati matumba 50 aja apita kwa anthu amene amawafunitsitsa kuposa onse. Amene anaimapo pamzere pa depoti ya ADMARC akudziwa kuti amagula ndi amene walawirira kapena wamphamvu zokankhana. Matumbawo akagwera mwamwayi pakati pa onse ofuna 150 aja, wogula wapakatikati amakhala woti akanalipira K45,000. Phindu lake ndi K15,000 pa thumba, ndipo onse pamodzi apeza K750,000 yokha, yocheperapo kuposa lamulo lisanabwere. Mavenda akagula matumbawo n'kukawagulitsa kuseri pa K50,000, bokosi lonse lija lalowa m'thumba mwawo. Maola otayidwa pamzere nawo sanawerengedwe.

Galafu ilinso ndi malire ake. Imaona kwacha ya wolemera ndi ya wosauka ngati zofanana, ndipo munthu wanjala wopanda ndalama amaoneka ngati sachifuna chimangacho. N'chifukwa chake boma likhoza kuvomera kutaya makona atatu aja mwadala pofuna kuthandiza ovutika. Koma mukamva kuti mtengo watsitsidwa ndi lamulo, funsani kuti pamtengo umenewo pabwera matumba angati, ndipo agawidwa bwanji.