Mtengo Weniweni wa Kosi Suli pa Chikwangwani

Dzinja likatha, achinyamata a kuno ku Shikabeta amabwera kwa ine ndi timapepala tolengeza makosi a ku Chongwe ndi ku Lusaka. Funso lawo limakhala limodzi: yotchipa ndi iti? Ine ndimawayankha kuti tikhale pansi tiwerenge, pakuti fizi yolembedwa papepala ndi mutu chabe. Thupi limatsalira m'madzi.

Tiyerekeze makosi awiri, ndi mitengo yongopangira chitsanzo. Yoyamba ndi yoweta nkhuku, ya milungu iwiri, fizi K1,200. Onjezani K600 ya ulendo ndi K700 ya malo ogona ndi chakudya, zonse K2,500. Yachiwiri ndi ya zomangamanga, ya miyezi itatu, fizi K2,000. Zikuoneka ngati zikusiyana K800 yokha. Koma ikani K500 ya mayeso, K900 ya ovolosi, nsapato ndi zida, K3,000 ya malo ogona ndi chakudya, ndi K600 ya ulendo: yafika K7,000. Amene wanyamuka ndi K3,000 adzabwerera mwezi wachiwiri usanathe, wopanda ndalama, wopandanso pepala.

Nthawi nayo ili ndi mtengo wake. Miyezi itatu yoyambira mu Juni, mbewu zili m'nkhokwe, siilanda zambiri. Miyezi itatu yomweyo ikayamba mu Novembala imadya kubzala ndi kupalira, ndipo banja limalipira ndi chimanga cha chaka chonse.

Tsono funsani kuti satifiketi ikuchokera kwa yani. Pepala losainidwa ndi sukulu yokha limangochitira umboni kuti munalipo. Kwa woweta nkhuku zakezake limenelo n'lokwanira, chifukwa nkhuku sizifunsa pepala. Iye afunse ngati adzagwira anapiye ndi katemera ndi manja ake. Koma wofuna kulembedwa ntchito asamale. M'Zambia bungwe la TEVETA ndilo limalembetsa sukulu za luso ndi kuyesa mayeso a tiredi tesiti. Malevulo ake amawerengedwa chobwerera: levulo 3 ndi yoyambira, levulo 1 ndiyo yapamwamba. Ambiri amasokonezeka pamenepa, n'kumayesa kuti nambala yaikulu ndiyo yolemera.

Musanapereke ngwee, pemphani kuona chikalata chosonyeza kuti sukuluyo inalembetsedwa ku TEVETA, ndipo muonetsetse kuti kosi yanuyo ili m'gulu la makosi amene analoledwa. Funsaninso tsiku la mayeso, ndiponso ngati ndalama ya mayeso ili m'kati mwa fizi. Akamazemba mafunso amenewa, bwezani ndalama m'thumba. Kulembetsedwaku kumakhudzanso thandizo la CDF lolipirira maphunziro a luso, limene amafunsira kudzera ku komiti ya chitukuko ya wadi: sukulu ya munthu wamba yosalembetsedwa siilandira ndalama imeneyi.

Kwa mlimi wa nkhuku, K2,500 ija yagula zonse zimene amafuna. Kwa mmisiri wofuna ntchito ku Lusaka, K7,000 ndiyo yotchipa, malinga mayeso ake ndi a TEVETA ndipo wanyamuka atakolola.