Nambala imodzi, olemba awiri: pamene munthu wakonza zimene makina alemba

Zolemba zosakanizika ndi zija zimene munthu ndi makina onse agwirapo ntchito. Wina amauza pulogalamu monga ChatGPT kuti imulembere nkhani, kenako iye nkuchotsa zina, kuwonjezera zake ndi kusintha mawu apa ndi apo. Wina amalemba yekha nkhani yonse, koma pomaliza nkuipereka ku pulogalamu kuti imusalalitsire Chingerezi. Kuyambira pamene ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, zolemba zotere zachuluka m'masukulu aukachenjede, m'maofesi ndi m'nyumba zofalitsa nkhani. Nawonso mapulogalamu ofufuza ngati nkhani yalembedwa ndi makina abwera ambiri, ndipo pafupifupi onse amayankha ndi nambala imodzi: 12 peresenti, 40 peresenti, 97 peresenti. Nambalayo imaoneka yomveka bwino, koma ikakumana ndi nkhani yosakanizika imasocheretsa.

Vuto loyamba lili pa tanthauzo la peresentiyo. Mapulogalamu ena akalemba 40 peresenti amatanthauza gawo la nkhani: mwa ziganizo 100 zilizonse, 40 zikuoneka ngati za makina. Umu ndi mmene imawerengera Turnitin, imene mayunivesite ambiri amagwiritsa ntchito ndipo inayamba kufufuza zolemba za makina mu Epulo 2023. Mapulogalamu ena amatanthauza kukula kwa chikaiko chawo pa nkhani yonse. Kwa iwo 40 peresenti ikufanana ndi kunena kuti mwina ndi makina, koma mwayi waukulu ndi wakuti ndi munthu. Awa ndi mayankho a mafunso awiri osiyana. Mphunzitsi amene waona 40 ya mtundu wachiwiri nkuyamba kufunafuna ndime zimene zakopedwa akhoza kusaka chinthu chimene kulibe.

Ngakhale peresenti ya mtundu woyamba siichokera pa kudziwa kwenikweni. Pulogalamu yofufuza sinaone amene anali pa kompyuta, ndipo ilibe nkhokwe ya zonse zimene makina analembapo kuti ifananitse. Apa ndi pamene ikusiyanira ndi pulogalamu yogwira kukopera, imene imatha kuloza buku kapena nkhani imene mawu achokerako, munthu nkukadzionera yekha. Yofufuza makina imangoyang'ana maonekedwe a mawu. Makina olemba amakonda kusankha mawu amene ali oyembekezereka kwambiri pamalo aliwonse, ndipo ziganizo zawo zimayenda mofanana, zosatalika kwambiri, zosafupika kwambiri. Munthu amadumphadumpha: apa chiganizo chachitali, apo cha mawu atatu, penanso mawu amene owerenga samawayembekezera. Chimene pulogalamu imayeza ndi kusalala kumeneku. Nkhani yosalala kwambiri imaiika ku mbali ya makina, kaya anailemba ndi ndani.

Turnitin inafotokoza mmene imafikira pa nambala yake. Imadula nkhani m'zigawo za ziganizo zingapo, zigawozo nkumalowana, kotero kuti chiganizo chimodzi chimapezeka m'zigawo zingapo. Chiganizo chilichonse chimalandira malikisi pakati pa 0 ndi 1, kumene 0 ndi munthu ndipo 1 ndi makina, kenako malikisi a chiganizocho ochokera m'zigawo zosiyanasiyana amawaphatikiza nkupeza apakatikati. Mwachitsanzo, chiganizo chimene chapeza 0.9, 0.6 ndi 0.3 chimathera pa 0.6. Ngati malire ali pa theka, chiganizocho chimawerengedwa kuti ndi cha makina chonse chathunthu, mofanana ndi chija chimene chapeza 0.99. Chikaiko chonse chimene chinali mu 0.6 chimasowa pamenepo. Pomaliza pulogalamu imawerenga ziganizo zimene zadutsa malire nkupereka peresenti. Imawerengera ziganizo za nkhani yolembedwa mondondoza zokha. Mindandanda ya mfundo ndi matebulo sizilowa m'chiwerengerocho.

Chitsanzo chongoyerekezera chikhoza kuonetsa zimene zimabisala mu nambala yotere. Ophunzira atatu apereka chimangirizo cha Chingerezi cha ziganizo 50 aliyense, chokamba za kukokoloka kwa nthaka, ndipo onse atatu pulogalamu yawapatsa 40 peresenti, kutanthauza ziganizo 20.

Woyamba analemba yekha ziganizo 30. Nthawi itamuthera, anauza makina kuti amulembere ndime zinayi zomaliza, nkuzimata momwemo osasintha kanthu. Kwa iyeyu 40 peresenti ili pafupi ndi zoona, ndipo ziganizo zimene pulogalamu yazipaka mtundu zili pamodzi kumapeto.

Wachiwiri sanaganize kanthu payekha. Makina ndiwo anasankha mfundo, anazisanja, nalemba ziganizo zonse 50. Iye anangokhala madzulo amodzi akusintha mawu: apa kudula chiganizo pawiri, apo kuika dzina la mudzi wa kwawo, penanso kusintha mawu ovuta ndi osavuta. Ziganizo 30 zimene anazigwira zinasiya kusalala, pulogalamu nkuziyesa za munthu. Zotsala 20 zili apa ndi apo m'nkhani yonse. Nambala ikunena kuti gawo lalikulu ndi lake, pamene maganizo onse ndi obwereka.

Wachitatu anapita kumunda, anafunsa alimi, anawerenga mabuku, nalemba chimangirizo chonse ndi mutu wake. Koma poti Chingerezi si chiyankhulo chimene anayamwira, ndime zimene ankazikayikira anazipereka ku pulogalamu yokonza galamala, imene inazilembanso mosalala. Mfundo ndi zake, umboni ndi wake, kasanjidwe ndi kake. Chimene chasintha ndi chovala cha mawu basi.

Anthu atatuwa achita zinthu zitatu zosiyana kotheratu, ndipo malamulo a sukulu akhoza kuwaweruza mosiyana: wina analakwa pang'ono, wina analakwa kwambiri, wina mwina sanalakwe nkomwe. Nambala ndi imodzi. Choipa kwambiri nchakuti wachiwiri akanapirira madzulo ena awiri akanaitsitsa kufika pansi penipeni, pamene wachitatu akanapereka ndime zonse kuti zikonzedwe, yake ikanakwera. Peresenti imatsika ndi khama lobisa, osati ndi khama loganiza.

Gwero la chisokonezochi ndi lakuti kusakaniza kulipo kwa mitundu iwiri. Chimanga ndi nyemba zikasakanizika pa lichero, munthu akhoza kukhala pansi nkusankha, nkunena kuti nyemba ndi gawo lakuti. Umu ndi mmene zilili ndi wophunzira woyamba. Koma ufa wa chimanga ukasakanizika ndi ufa wa soya, phala nkuphikidwa, palibe supuni imene ingakhale ya chimanga chokha. Chiganizo chimene makina analemba munthu nkuchisintha, kapena chimene munthu analemba makina nkuchikonza, ndi phala lotere. Pulogalamu imakakamizika kuchiika mbali imodzi, ngakhale kuti chili mbali zonse ziwiri.

Ngakhale pa zosakanizika za pa lichero, malire amavuta. Popeza zigawo zimalowana, chiganizo cha munthu chimene chayandikana ndi ndime ya makina chimatengerako malikisi a mnansi wakeyo. Turnitin yokha inanena mu 2023 kuti pa mlingo wa chiganizo imalakwitsa pafupifupi 4 peresenti, kutanthauza kuti mwa ziganizo 100 zimene yaziloza kuti ndi za makina, zinayi zikhoza kukhala za munthu, ndipo zoposa theka za ziganizo zolozedwa molakwikazi zimakhala moyandikana ndi zolemba zenizeni za makina. Kampaniyo inaonanso kuti zolakwika zimachuluka nambala ikakhala yaing'ono. Nchifukwa chake nambala ya pansi pa 20 peresenti masiku ano siionetsedwa. Pamalo pake pamaoneka *% basi. Komatu nkhani zambiri zimene munthu wazikonza kwambiri zimagwera kumunsi komweko.

Ofufuza odziimira paokha anapeza zofananazo. Gulu lotsogozedwa ndi Debora Weber-Wulff linayesa mapulogalamu 14 mu 2023. Pa nkhani zolembedwa ndi anthu okha mapulogalamuwo ankalondola nthawi zambiri, pa za makina okha ankalondola mocheperako, koma pa nkhani za makina zimene munthu wazisintha pamanja ankalondola kosakwana theka la nthawi. Chaka chomwecho ofufuza a ku yunivesite ya Stanford anapereka kwa mapulogalamu 7 zimangirizo 91 za mayeso a TOEFL, zolembedwa ndi anthu amene Chingerezi anachita kuphunzira. Zoposa theka zinanenedwa kuti ndi za makina, ngakhale zonse zinali za anthu. Chifukwa chake nchosavuta kumva: munthu wolemba m'chiyankhulo chachiwiri amadalira mawu amene akuwadziwa bwino ndi ziganizo zimene anaphunzitsidwa m'kalasi, ndipo zimenezo ndi zoyembekezereka. Wophunzira wa ku Malawi kapena ku Zambia amene amalemba ntchito zake m'Chingerezi ali m'gulu lomweli, ndiye kuti nambala yake ikhoza kuyambira pamwamba makina asanakhudze nkomwe nkhani yake.

Kampani ya OpenAI, imene inapanga ChatGPT, inatulutsa pulogalamu yakeyake yofufuzira mu Januwale 2023. Inavomereza kuti imagwira 26 peresenti yokha ya zolemba za makina, ndipo imanamizira 9 peresenti ya zolemba za anthu. Mu Julayi chaka chomwecho inaichotsa chifukwa cholakwitsa kwambiri. Mwezi wotsatira yunivesite ya Vanderbilt ku America inazimitsa gawo lofufuza makina la Turnitin. Inawerengera kuti mu 2022 inapereka zolemba 75,000 ku pulogalamuyo, kotero kuti kulakwitsa kwa 1 peresenti yokha kukanakhudza zolemba 750.

Umboni wothandiza pa nkhani yosakanizika umapezeka m'njira imene nkhaniyo inadutsa. Mu Google Docs ndi Microsoft Word muli mbiri ya kusintha, imene pa sikirini imalembedwa kuti Version history. Kwa wophunzira woyamba mbiriyo ingaonetse ndime zinayi zikutulukira mphindi imodzi. Kwa wachiwiri ingaonetse nkhani yonse ikutera kamodzi, kenako tizosintha ting'onoting'ono. Kwa wachitatu ingaonetse masiku angapo akulemba ndi kufufuta. Mbiriyi nayo ili ndi malire ake, chifukwa munthu amene analembera m'kope kapena pa foni nkudzamata pambuyo pake amaoneka ngati wokopera, choncho kope lakelo liyenera kuonedwanso. Mabuku amene atchulidwa m'nkhani ayenera kufufuzidwa ngati alikodi, popeza makina nthawi zina amapeka mayina a mabuku ndi a olemba, ndipo munthu wongosintha mawu kawirikawiri sazindikira zimenezo. Kenako pali kucheza ndi mlembi. Wachitatu akafunsidwa chifukwa chimene anaikira za mizere ya m'munda patsogolo pa za mitengo, amayankha mosavuta, mwinanso nkuwonjezera zimene mlimi wina anamuuza. Wachiwiri amangobwereza mawu a pa pepala.

Zonsezi zimagwira ntchito pokhapokha sukulu kapena ofesi itanena pasadakhale thandizo limene ndi lololedwa: kukonza galamala, kumasulira, kusanja mfundo kapena kulemba ndime. Pamene lamulo lotere palibe, ngakhale nambala yolondola singanene amene walakwa. Turnitin yeniyeniyo imachenjeza kuti peresenti yake isakhale maziko okhawo olangira wophunzira.