Mita imodzi, makomo anayi: kagawidwe ka bilu ya magetsi ndi madzi

M'dera la Mfumu Yaikulu Kapichi ku Thyolo, monganso pa Boma ndi ku Luchenza, muli mapoloti ambiri a nyumba zalendi pomwe makomo atatu, anayi kapena asanu amadalira mita imodzi ya ESCOM ndi mpopi umodzi wapabwalo. Okhalamo ndi osiyana mapezedwe: wina amathyola tiyi ku esiteti, wina ndi mphunzitsi, wina amagulitsa mafilizesi pasukulu. Kawirikawiri lamulo lomwe amatsata ndi lakuti khomo lililonse lisonkhe ndalama yofanana. Kuwerengera kwake ndi kophweka, koma yemwe amapsinjika ndi uja amagwiritsa ntchito zochepa, ndipo nthawi zambiri ndiye wopeza movutikira pa onse.

Choyamba kudziwa ndi chakuti ESCOM ndi bungwe la madzi la Southern Region Water Board sadziwa kuti pa poloti pali makomo angati. Amadziwa dzina limodzi lomwe linalembetsa mita, lomwe kawirikawiri ndi la alandilodi. Ngongole ikakula amadula poloti yonse, wolipira ndi wosalipira yemwe. Mtengo wa yunitsi ya magetsi umavomerezedwa ndi MERA, koma momwe anthu alendi angagawanirane mayunitsiwo si nkhani ya MERA kapena ESCOM. Imeneyo ndi ya anthu a pa polotipo ndi alandilodi awo, ndipo n'chifukwa chake iyenera kukambidwa poyera ndi kulembedwa.

Tiyambe ndi magetsi, pakuti ndi pomwe mikangano imakulira. Chomwe mumagula ndi tokeni ya manambala 20 ija ndi mayunitsi, ndipo yunitsi imodzi ndi magetsi omwe chipangizo cha mawati 1,000 chimadya pa ola limodzi. Mawatiwo amalembedwa pa chipangizo chilichonse, pansi kapena kumbuyo, nambala yotsatiridwa ndi chilembo cha W. Mukachulukitsa mawati ndi maola omwe chipangizo chimayaka pa tsiku, n'kuchulukitsanso ndi masiku 30, kenako n'kugawa ndi 1,000, mwapeza mayunitsi omwe chimadya pa mwezi. Babu la LED la mawati 9 loyaka maola asanu usiku uliwonse silifika n'komwe mayunitsi atatu mwezi wathunthu. Hotipuleti ya mawati 1,000 yophikira maola awiri pa tsiku imadya mayunitsi 60. Ndiye kuti hotipuleti imodzi ikuposa mababu 20. Anthu amalimbana pa nkhani ya babu lomwe mwana anaiwala kuzimitsa, kapena pa mafoni a alendo omwe akutchajidwa, pomwe mayunitsi akuthera ku zinthu zomwe zimatenthetsa: hotipuleti, ketulo, ayironi, hita, ndi kawaya kopiringiza kaja komwe amaviika m'ndowa potenthetsa madzi osamba. Filiji nayo imadya ndithu, chifukwa imagwira ntchito usana ndi usiku.

Tiyerekeze poloti ya makomo anayi. Khomo loyamba muli mnyamata wothyola tiyi, yekha, ali ndi mababu awiri, wailesi ndi foni. Pa mwezi amadya mayunitsi pafupifupi 5. Khomo lachiwiri muli banja la anthu asanu lomwe limaphika pa mbaula, koma lili ndi mababu atatu, kanema wa mawati 60 woyaka maola anayi pa tsiku, ndi ayironi yositira ola limodzi pa sabata. Zonse pamodzi zimafika mayunitsi 15. Khomo lachitatu muli mphunzitsi ndi akazi awo: hotipuleti imadya 60, ketulo ya mawati 2,000 yoyaka mphindi khumi pa tsiku imadya 10, mababu ndi kanema 10, zonse 80. Khomo lachinayi muli mayi wa ana awiri yemwe ali ndi filiji ya mafilizesi yodya pafupifupi yunitsi imodzi ndi theka pa tsiku, ndiye 45 pa mwezi, kuwonjezera 5 a mababu, zonse 50. Poloti yonse ikudya mayunitsi 150.

Kuti masamu asavute, tinene kuti mayunitsi 150 amenewa anagulidwa ndi K15,000. Mtengo weniweni muziutenga pa uthenga womwe umabwera mukagula. Akagawana mofanana, khomo lililonse lipereka K3,750. Akagawana potsata zomwe aliyense wadya, mnyamata uja apereka K500, banja la anthu asanu K1,500, aphunzitsi K8,000, ndipo mayi wa filiji K5,000. Apa zikuoneka kuti mwezi ndi mwezi wothyola tiyi amapereka K3,250 yophikira nsima ya khomo lina. Aphunzitsiwo sanabe, mwina sanawerengepo. Koma akaona manambalawa palibe chifukwa chopitirizira kagawidwe kakale.

Kuwerengera mawati n'kungoyerekeza, choncho muzikutsimikiza ndi mita. Pa tsiku loyamba la mwezi lembani mayunitsi otsala, onjezani onse omwe mwagula m'mwezimo, n'kuchotsa omwe atsala pakutha pa mwezi. Ngati chiwerengero chanu chinali 150 ndipo mita ikuonetsa 160, palibe vuto, ndalama igawidwe pa magawo omwe aja. Koma ikaonetsa 220, pali chipangizo chomwe sichinatchulidwe. Ku Thyolo izi zimachitika kwambiri mu Juni ndi Julaye, chiperoni chikagwa, pomwe mahita ndi mawaya otenthetsera madzi amatuluka m'makatoni. Njira yodziwira ndi yakuti makomo onse azimitse chilichonse, mafiliji omwe, anthu n'kuima pa mita. Pamakhala kanyali kofiira komwe kamaphethira magetsi akamadyedwa. Kakapitiriza kuphethira zonse zitazima, ndiye kuti mwina waya wawonongeka penapake kapena wina anakoka chingwe kupita ku poloti yoyandikana. Kukoka chingwe motero ndi mlandu pa malamulo a magetsi, ndipo woyamba kufunsidwa ndi mwini mita. Kakasiya, yatsani khomo limodzi limodzi: komwe kaphethire mothamanga ndiko kuli chipangizo chachikulu. Zichitike onse akuona, osati mozemberana.

Pali chinthu china chomwe chimayambanitsa anthu osalakwirana. Pa mita yolipiriratu ya m'nyumba, mayunitsi 50 oyamba pa mwezi amagulidwa pa mtengo wotsika, otsatira pa mtengo wokwera. Cholinga chake n'kuthandiza banja losauka, koma mwayiwu umapita pa mita, osati pa khomo, ndiye mabanja anayi amagawana mayunitsi 50 omwewo. Pa poloti pomwe amagula mosinthana, wogula koyambirira kwa mwezi amabweretsa mayunitsi ambiri, ndipo wogula pa 20 amabweretsa ochepa ndi ndalama yomweyo. Anzake amamuganizira kuti wadyako, chikhalirecho ndi mitengo chabe. Kusinthana kugula kuli ndi vuto linanso: tsiku la munthu likafika alibe ndalama, poloti yonse imagona mumdima. Ndi bwino kusonkha ndalama kwa munthu mmodzi pa tsiku logwirizana ndi malipiro a ku esiteti, iye n'kugula pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, n'kuonetsa uthengawo kwa onse asanalowetse tokeni. Motero mtengo wotsika uja umafikira aliyense.

Komwe alandilodi angathe, njira yothetseratu nkhaniyi ndi kamita kowerengera pa khomo lililonse. Kamita kotere ESCOM sikawerenga. Ntchito yake ndi kungouza anthu a pa poloti kuti khomo ili ladya mayunitsi angati. Kaikidwe ndi katswiri wa magetsi wokhala ndi chiphaso, chifukwa kulumikiza kwa chisawawa kumawotcha nyumba. Ngati ndalama ikuchepa, yambani ndi makomo omwe ali ndi hotipuleti ndi filiji, otsalawo agawane zotsala.

Madzi ali ndi mawerengedwe ena. Sayendera zipangizo, amayendera anthu: kusamba, kuchapa, kuphika. Pa mita ya madzi manambala akuda ndiwo amalipiritsidwa, ndipo nambala imodzi ikuimira malita 1,000, omwe ndi ndowa 50 za malita 20. Pa poloti yathu ija, mnyamata ali ndi gawo limodzi, banja lalikulu magawo asanu, aphunzitsi awiri, mayi ndi ana ake awiri magawo atatu kuwonjezera gawo limodzi la madzi a mafilizesi ndi kutsuka ziwiya za geni. Magawo onse ndi 12. Bilu ikabwera ya K12,000, gawo lililonse ndi K1,000. Banja lomwe linapeputsidwa pa magetsi tsopano lipereka K5,000, aphunzitsi K2,000 yokha. Ichi chimathandiza kuti anthu avomereze dongosololi, chifukwa khomo lopeputsidwa pa magetsi limatha kulipira zambiri pa madzi.

Mapoloti ena amawerengera mwana ngati theka. Ine sindikuona chifukwa chake, pakuti khanda limathetsa madzi ambiri pa matewera kuposa bambo amene amachoka m'mamawa kupita kumunda wa tiyi. Chofunika kugwirizana ndi nkhani ya alendo. Mvula ikayamba ndipo tiyi akaphuka kwambiri, maesiteti amalemba anthu ambiri, achibale n'kubwera kudzakhala miyezi ingapo. Wokhala kuposa sabata ziwiri awerengedwe m'mweziwo. Wogulitsa madzi a pa mpopi kwa anthu akunja, kapena wothirira dimba ndi kuumba njerwa, awerengeredwe ndi ndowa.

Bilu ya madzi ikakwera mwadzidzidzi anthu asanachuluke, musayambe ndi kulozana zala. Tsekani mipopi yonse n'kuyang'ana mita. Ngati kagudumu kakang'ono kapena manambala ofiira akuyendabe, madzi akutayika penapake pakati pa mita ndi mpopi, kapena m'thanki ya chimbudzi ngati ilipo. Paipi yophulika madzi asanafike pa mita ndi ya bungwe la madzi, ndipo mukanene ku ofesi yawo. Yophulika madzi atadutsa kale pa mita ndi ya mwini nyumba. Ngati alandilodi anauzidwa n'kuchedwa kukonza, madzi otayikawo asagawidwe kwa alendi. Iwo alipire monga amalipirira mwezi wabwinobwino, zapamwambazo zikhale za alandilodi. Fananitsaninso nambala yolembedwa pa bilu ndi yomwe ili pa mita, chifukwa wowerenga akapeza geti lotseka bilu imatha kukhala yongoyerekeza.

Pa bilu yomweyo pamakhala ndalama ya mwezi uno ndi ngongole yakumbuyo. Wolowa nyumba kumene apemphe kuona bilu yomaliza, alembe nambala ya pa mita tsiku lomwe walowa, alandilodi n'kusainira. Ngongole ya munthu amene anasamuka si ya wolowa m'malo mwake. Vuto lomwe limapweteka kwambiri ndi pomwe alendi amapereka ndalama ya madzi kwa alandilodi mwezi uliwonse, n'kudzangoona akudula mpopi chifukwa ndalamayo sinkafika ku bungwe. Wolandira ndalama aliyense, kaya ndi alandilodi kaya mnzanu wa khomo lina, aonetse lisiti kapena uthenga wa pafoni mwezi womwewo.

Zonsezi zimakwana m'kope limodzi lasukulu: tsamba loyamba likhale ndi zipangizo ndi chiwerengero cha anthu pa khomo lililonse, masamba otsatira akhale ndi manambala a pa mita, zomwe aliyense wapereka ndi tsiku lake. Wina akagula hotipuleti kapena akagulitsa filiji, tsamba loyamba lisinthidwe sabata yomweyo. Mkangano ukakanika pa poloti umapita kwa alandilodi, ukakanikanso kwa anyakwawa, ndipo ndalama ikakhala yochuluka umatha kufika ku khoti la majisitireti pa Boma la Thyolo. Konseko adzafunsa zomwe munagwirizana ndi umboni wa zomwe munapereka, choncho kope ndi malisiti zisungidwe ngakhale munthu atasamuka.