Kulinganiza ikweshoni ya kemisitiri: okosijeni azikhala womaliza

Ikweshoni ikakhala yosalingana, masamu onse otsatira amalakwika, kuphatikizapo kuchuluka kwa mankhwala omwe tiyeze mu labotale. Lamulo lake ndi limodzi: zinthu zikamasintha, maatomu sawonongeka ndipo sapangika atsopano, choncho mtundu uliwonse wa atomu ukhale wochuluka mofanana mbali zonse za muvi.

Chomwe timaloledwa kusintha ndi nambala yapatsogolo pa fomula basi. Kanambala kapansi sitikakhudza. H₂O ndi madzi akumwa, koma tikalemba H₂O₂ pofuna kuwonjezera okosijeni, talemba haidirojeni perokosaidi, mankhwala otsukira zilonda.

Tiyeni tione kuyaka kwa byuteni, gasi wopezeka m'masilinda ophikira:

C₄H₁₀ + O₂ → CO₂ + H₂O

Timayamba ndi atomu yomwe ili mu fomula imodzi yokha mbali iliyonse. Kumanzere kuli maatomu 4 a kaboni, ndiye tilemba 4CO₂. A haidirojeni alipo 10, ndipo molekyu iliyonse ya madzi imatenga awiri, ndiye tilemba 5H₂O.

Okosijeni tamusungira kumapeto dala. Kumanzere ali payekha, kotero kusintha nambala yake sikusokoneza zomwe takonza kale. Kumanja tili ndi maatomu 8 mu 4CO₂ ndi ena 5 mu 5H₂O, onse pamodzi 13. Apa mpomwe ambiri amaima mutu, chifukwa O₂ amabwera awiriawiri ndipo 13 sagawika pawiri popanda chotsala. Palibe chalakwika. Tilembe kaye 6½O₂, kenaka tichulukitse nambala zonse kawiri, osaiwala byuteni yemwe 1 wake salembedwa:

2C₄H₁₀ + 13O₂ → 8CO₂ + 10H₂O

Tiwerengenso: kaboni 8 uku ndi uku, haidirojeni 20, okosijeni 26 kumanzere ndi 16 kuphatikiza 10 kumanja.

Gulu la maatomu likaoloka muvi osasweka, monga NO₃ kapena SO₄, timaliwerenga ngati chinthu chimodzi. Pb(NO₃)₂ ili ndi magulu awiri a naitireti, choncho mbali inayo pafunika 2KNO₃. Kuwerenga okosijeni wake mmodzimmodzi nkungodzitopetsa.

Nazi zoti tiyesere, zamitundu yosakaniza:

1. Kuphatikizana: Mg + O₂ → MgO
2. Kuphwanyika: KClO₃ → KCl + O₂
3. Kulanda malo: Al + HCl → AlCl₃ + H₂
4. Kusinthana: Pb(NO₃)₂ + KI → PbI₂ + KNO₃
5. Asidi ndi alikali: H₂SO₄ + NaOH → Na₂SO₄ + H₂O
6. Kuyaka: C₂H₆ + O₂ → CO₂ + H₂O

Funso lachisanu ndi chimodzi lili ndi msampha wa byuteni uja. Pa lachiwiri, okosijeni ndi atatu uku, awiri uku, ndiye tifune nambala yomwe 3 ndi 2 onse amalowamo, yomwe ndi 6.

Mayankho, motsatana ndi mafomula: loyamba 2, 1, 2, lachiwiri 2, 2, 3, lachitatu 2, 6, 2, 3, lachinayi 1, 2, 1, 2, lachisanu 1, 2, 1, 2, lomaliza 2, 7, 4, 6.